Tsiku Loyamba pa Fakitale ya Ufa ku Ulongwe: Mawu a Kanema wa Chitetezo

GAWO 1: PA GETI

(M'mamawa. Malole a chimanga ochokera ku Domwe ndi ku Tsangano andanda pa sikelo. Amayi oyang'anira chitetezo alandira mnyamata watsopano.)

AMAYI: Takulandirani, achimwene. Musanagwire chilichonse muno, tiyende kaye limodzi. Kodi munagwirapo ntchito pa chigayo?

MNYAMATA: Eya amayi, kumudzi, zaka ziwiri.

AMAYI: Ndiye mvetserani kwambiri. Chigayo cha kumudzi mumachizimitsa nokha ndipo mumachiona chonse ndi maso. Cha kuno chimayatsidwa ndi munthu amene ali m'chipinda china, yemwe sakukuonani.

GAWO 2: ZOVALA

(Pa tebulo pali ovolosi, majombo a chitsulo kutsogolo, chipewa cholimba, chophimba mphuno ndi zotseka m'makutu. Mnyamata avala chimodzichimodzi.)

WOFOTOKOZA: Zovalazi simulipira ngakhale metikali imodzi. Lamulo la ntchito la dziko la Mozambique limalamula olemba ntchito kupereka zodzitetezera. Chikang'ambika, kasintheni kusitolo ya fakitale tsiku lomwelo. Mphete, wotchi ndi mikanda zisiyeni m'kabati. Amayi, chitenje ndi mpango wolendewera sizilowa m'chipinda cha makina. Tsitsi likhale m'kati mwa kachipewa.

(Chitseko cha chipinda chogayira chitseguka. Phokoso lalikulu. Pa sikirini: 85 dB.)

WOFOTOKOZA: Phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku ndi tsiku limayamba kuwononga makutu. Mukaona kuti mnzanu ali pafupi koma mukuchita kukuwa kuti akumveni, tsekani makutu. Khutu likagontha ndi phokoso silichiranso, ndipo simumva kupweteka pamene likuwonongeka.

GAWO 3: MAKINA AIMA

(Lamba wonyamula chimanga akuyenda. Mwadzidzidzi magetsi athima, chilichonse chikhala zii. Mnyamata aona chingwe cha thumba chitakola pa gudumu la lamba, atambasula dzanja. Chithunzi chiima pomwepo, chizungulidwa ndi mzere wofiira.)

WOFOTOKOZA: Apa ndi pamene anthu amatayira zala ndi manja. Lambayu sanazimitsidwe, wangosowa magetsi. Akabwerera, kapena jenereta ikalira, lamba akhoza kuyamba osachenjeza munthu. Dzanja silingathamange kuposa gudumu.

(Chithunzi chibwerera m'mbuyo. Ulendo uno mnyamata aima, aitana akapitawo.)

MNYAMATA: Akapitawo, chingwe chakola apa. Ndichotse?

AKAPITAWO: Ayi, bwerani kuno kaye. Tipite ku bokosi la magetsi.

(Akapitawo atsitsa swichi yaikulu, akoleka loko wawo, apatsa mnyamata loko wina.)

AKAPITAWO: Kolekani wanunso. Lembani dzina lanu pa kakhadika, kiyi muike m'thumba mwanu. Osandipatsa ine, osapatsa wina aliyense. Tikakhala anthu atatu pa makina amodzi, maloko akhalenso atatu.

MNYAMATA: Tsopano ndingachotse?

AKAPITAWO: Chatsala chimodzi. Tidikire gudumu liime ndithu, chifukwa nyundo za m'chigayo zimazungulabe kanthawi magetsi atachoka. Kenako tidine batani loyatsira, tione ngati chafadi. Chikapanda kugwedezeka, ndiye mugwire.

(Adina batani. Palibe choyenda. Mnyamata achotsa chingwe ndi ngowe, abwezera chotchinga cha lamba ndi kumanga mabawuti ake.)

WOFOTOKOZA: Zonsezi zatenga mphindi zisanu. Tikudziwa kuti nyengo yokolola malole amakhala ambiri panja ndipo aliyense amafulumira. Komabe palibe bwana wa muno amene ali ndi mphamvu yokuuzani kuti mulowetse dzanja m'makina opanda loko. Wina akatero, kanani, ndipo mukanene ku ofesi ya chitetezo. Simudzadulidwa malipiro chifukwa chokana. Loko wa mnzanu musamudule, ngakhale mwiniwake ataweruka, itanani akapitawo.

(Kamera ionetsa batani lalikulu lofiira ndi chingwe chofiira chotsata m'mbali mwa lamba.)

WOFOTOKOZA: Mnzanu akakodwa, menyani batani ili kapena kokani chingwechi. Musayambe ndi kumukoka munthuyo.

GAWO 4: FUMBI LA UFA

(Kuwala kwa dzuwa kulowa pa zenera, fumbi loyera likuyandama.)

AMAYI: Ambiri sakhulupirira ndikawauza kuti ufa umaphulika. Ufa uli m'thumba suvuta. Koma ukamwazika mu mpweya m'chipinda chotseka, kamoto kakang'ono, ka ndudu kapena kothetheka powotcherera zitsulo, kangathe kusasula denga lonseli. Choncho fodya ndi machesi zimatsala kugeti. Wowotcherera sayamba ntchito popanda chikalata chosainidwa ndi akapitawo. Posesa, musapemerere fumbi ndi paipi ya mphepo. Gwiritsani ntchito makina oyamwa fumbi kapena tsache lofewa, pang'onopang'ono.

GAWO 5: NKHOKWE

(Nkhokwe zazitali zachitsulo. Pambali pali mulu wa matumba wokutidwa ndi pepala lalikulu la pulasitiki. Pa chikwangwani: PERIGO.)

WOFOTOKOZA: Mawu a Chipwitikizi awa akutanthauza ngozi. Pansi pa pepalali taikapo mibulu yophera anankafumbwe. Imatulutsa mpweya wa fosifini, womwe umapha munthunso. Nthawi zina umanunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, koma musadalire mphuno. Chophimba mphuno cha fumbi sichiutchinga. Osavundukula pepala, osagona pafupi nthawi yopuma. Mukamva mutu, chizungulire kapena kubanika, tulukani panja, uzani mnzanu, ndipo tikutengerani kuchipatala msanga.

M'nkhokwe yachitsulo simulowa nokha, ndiponso simulowa popanda chilolezo, chingwe chomangirira m'thupi ndi munthu wokudikirirani pakhomo. Chimanga chikamatsika chimameza munthu m'masekondi owerengeka. Mnzanu akakomokera m'katimo, musamutsatire. Lizani belu.

GAWO 6: MATUMBA NDI FOLOKO

(Anthu awiri anyamula thumba la makilogalamu 50, apinda mawondo, msana uli chilili. Galimoto ya foloko idutsa ikuliza hutala.)

WOFOTOKOZA: Thumba la makilogalamu 50 nyamulani awiri kapena pa ngolo. Yendani m'kati mwa mizere yachikasu. Woyendetsa foloko akanyamula katundu saona bwino kutsogolo, ndiye musadutse mpaka maso anu akumane ndi ake. Kukwera pa mafoloko, kapena kuima pansi pa katundu wokwezedwa, n'koletsedwa. Mwezi wa Okutobala mosungira katundu mumatentha kwambiri. Imwani madzi musanamve ludzu.

GAWO 7: BELU LIKALIRA

(Belu. Antchito atuluka moyenda, atsata zikwangwani zobiriwira zolembedwa SAÍDA, kutanthauza potulukira, asonkhana pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi geti. Akapitawo awerenga maina.)

AMAYI: Foni, njinga, chikwama, zisiyeni. Imani pano mpaka dzina lanu litatchulidwa, kuopa kuti wina angabwerere m'moto kukafuna inu muli kunja kale. Moto wa magetsi osathira madzi. Munthu akapsa, muikeni pa madzi oyenda ozizira kwa mphindi 20, osapaka mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Bala lililonse, ngakhale laling'ono, likalembedwe m'buku tsiku lomwelo. Ngozi imene yangokuphonyani inenedwenso, kuti tikonze malowo.

GAWO 8: KUBWEREZA

(Mnyamata ayang'ana kamera. Zithunzi zidutsa mwachidule pamene akulankhula.)

MNYAMATA: Ndivale zonse ndisanalowe. Ndisagwire makina popanda loko wanga, kiyi ili m'thumba mwanga, batani litayesedwa. Moto ayi pamene pali ufa. Pepala la mankhwala ndi nkhokwe, kutali. Ndiyende m'mizere yachikasu. Belu likalira, ku mtengo wa mango.

AMAYI: Mwamva bwino, achimwene. Inu nonse amene mukuonera, funsani mafunso anu tsopano kwa akapitawo amene ali nanu m'chipindamo. Mukatha, sainani m'kaundula, mupite kusitolo mukayese majombo ndi kulandira loko wanu.

(Kanema atha.)