Kuunika Zomwe Ofufuza Alemba pa Kuchuluka kwa Ophunzira M'kalasi ndi Kakhozedwe Kawo M'sukulu za Pulayimale

Mutu uno ukuunika zomwe ofufuza apeza pa funso limene makolo ndi aphunzitsi ambiri amaliona ngati losafunika n'kufunsa komwe, lakuti kodi ana amaphunzira bwino akakhala ochepa m'kalasi. Kuunikaku kukutsogolera kafukufuku wa kaphunziridwe ka kuwerenga m'makalasi oyambirira omwe muli ana oposa 80, choncho chidwi chili pa kusiyanitsa zimene zatsimikizika ndi zimene zangoganiziridwa, komanso pa kukula kwa makalasi kumene umboniwo ukukhudza.

Poyamba m'pofunika kusiyanitsa miyeso iwiri imene zolemba zambiri zimaisakaniza. Woyamba ndi chiwerengero cha ana amene akhala pamaso pa mphunzitsi pa nthawi ya phunziro, ndipo wachiwiri umapezeka pogawa ana onse a pasukulu ndi aphunzitsi onse. Mwachitsanzo, sukulu ya ana 600 ndi aphunzitsi 12 imaoneka pa pepala kuti mphunzitsi aliyense ali ndi ana 50, pomwe m'kalasi loyamba mukhoza kukhala ana 140 ndipo m'kalasi lomaliza ana 30 okha. Kafukufuku wambiri wakale anadalira muyeso wachiwiriwu chifukwa ndi umene umapezeka mosavuta m'kaundula, ndipo ichi chimafooketsa zomwe anapeza.

Mkangano unayamba ndi lipoti la James Coleman la mu 1966 ku Amereka, limene linasonyeza kuti kusiyana kwa kakhozedwe ka ana kumachokera kwambiri ku mabanja awo kusiyana ndi ku zipangizo za pasukulu. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Gene Glass ndi Mary Lee Smith anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 77 n'kupeza kuti phindu la kalasi laling'ono limaonekera kwenikweni ana akachepera 20. Eric Hanushek anafika pa mfundo ina. M'kuunika kwake kwa mu 1997 anawerenga zotsatira 277, ndipo mwa izo 15 pa 100 zilizonse zinasonyeza phindu, 13 pa 100 zinasonyeza zosemphana ndi zimenezo, pomwe zotsalazo sizinasonyeze kusiyana kodalirika. Alan Krueger anamutsutsa mu 2003 ponena kuti Hanushek anatenga zotsatira zambirimbiri m'kafukufuku wina ndi chimodzi chokha m'kafukufuku wina, kotero kuti kafukufuku aliyense akapatsidwa mphamvu yofanana, umboni umapendekera ku makalasi aang'ono.

Pansi pa mkangano wonsewu pali vuto limodzi lalikulu: ana sagawidwa m'makalasi mwangozi. Mphunzitsi wamkulu akhoza kuika ana ovutika m'kalasi laling'ono kuti athandizidwe, ndipo wofufuza akadzayerekeza malikisi amaona ngati kalasi laling'ono ndi limene likulepheretsa ana. Makolo nawonso amathamangira sukulu yotchuka mpaka makalasi ake kudzaza, ndipo zikatero kalasi lodzaza limaoneka ngati labwino. Kungoika chiwerengero cha ana pambali pa zotsatira za mayeso sikungatiuze chimene chinayambitsa chinzake.

N'chifukwa chake kafukufuku wa STAR, amene anachitika m'chigawo cha Tennessee ku Amereka kuyambira 1985 mpaka 1989, amalemekezedwa kuposa ena onse. M'sukulu 79, ana pafupifupi 11,600 pamodzi ndi aphunzitsi awo anagawidwa mwamaere m'magulu atatu: makalasi a ana 13 mpaka 17, makalasi a ana 22 mpaka 25, ndi makalasi a ana 22 mpaka 25 okhala ndi wothandizira mphunzitsi. Anawo anatsatidwa zaka zinayi zoyambirira za sukulu. Ana a m'makalasi aang'ono anakhoza bwino pa kuwerenga ndi masamu, ndipo malinga ndi kusanthula kwa Krueger kwa mu 1999, m'chaka choyamba mwana ankakwera ndi malo pafupifupi anayi pa mndandanda wa ana 100. Phindu linali lokulirapo kwa ana akuda ndi ana a m'mabanja osauka, pomwe kuika wothandizira mphunzitsi sikunasinthe zambiri. Raj Chetty ndi anzake anatsata anawa atakula, ndipo mu 2011 anasonyeza kuti amene anali m'makalasi aang'ono anali ndi mwayi wokulirapo pang'ono wopita kukoleji. STAR ali ndi zofooka zake: ana ena anasamuka magulu, ena anachoka pasukulu, ndipo aphunzitsi ankadziwa kuti akuyang'aniridwa. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa maere wa kukula kotere pa nkhaniyi ndi wosowa.

Poti kugawa ana mwamaere n'kokwera mtengo, ofufuza ena anapezerapo mwayi pa malamulo oletsa kalasi kupitirira chiwerengero china. Joshua Angrist ndi Victor Lavy mu 1999 anagwiritsa ntchito lamulo la ku Israeli loti kalasi lisapose ana 40, lochokera ku chiphunzitso cha Maimonides, mphunzitsi wachiyuda wa m'zaka za m'ma 1100. Sukulu imene yalemba ana 40 imakhala ndi kalasi limodzi lodzaza, koma yolemba ana 41 imawagawa pawiri, ana 20 uku 21 uko, ndipo sukulu ziwirizi zimakhala zofanana pa zina zonse. Anapeza phindu m'kalasi lachinayi ndi lachisanu. Koma mu 2019 ofufuza omwewa pamodzi ndi anzawo anabwereza ntchitoyi pa mayeso a zaka za 2002 mpaka 2011 ndipo sanapeze phindu lililonse. Caroline Hoxby naye sanapeze kanthu m'chigawo cha Connecticut ku Amereka mu 2000, pomwe Fredriksson, Öckert ndi Oosterbeek mu 2013 anapeza ku Swideni kuti makalasi aang'ono a ana a zaka 10 mpaka 13 anakweza kakhozedwe kawo ngakhalenso malipiro awo atakula. Njirayi ili ndi msampha umene Urquiola ndi Verhoogen anaulula mu 2009 ku Chile: sukulu zimatha kuleka dala kulemba ana zikayandikira malire kuti zisatsegule kalasi lina, ndipo zikatero sukulu za mbali ziwirizo sizikhalanso zofanana.

Zomwe zinachitika m'chigawo cha California ku Amereka zikuyenera kulingaliridwa mofatsa ndi aliyense wokonza ndondomeko. Mu 1996 boma la chigawochi linatsitsa makalasi oyambirira kuchoka pa ana pafupifupi 30 kufika pa 20 m'chigawo chonse m'kanthawi kochepa. Panafunika aphunzitsi zikwizikwi mwadzidzidzi, ndipo ambiri amene analembedwa analibe ziphaso zokwanira kapena anali asanaphunzitsepo. Jepsen ndi Rivkin mu 2009 anasonyeza kuti makalasi aang'ono anathandizadi, koma mbali ina ya phindulo inadyedwa ndi kufooka kwa aphunzitsi atsopano, makamaka m'sukulu za ana akuda ndi osauka. Ana amene STAR anasonyeza kuti amapindula kwambiri ndi omwe anagwiritsidwa mwala.

Za mmene kuchepa kwa ana kumagwirira ntchito, Edward Lazear mu 2001 anapereka ganizo losavuta kulitsata: mwana mmodzi akasokoneza, kalasi lonse limaima. Ngati mwana aliyense amasokoneza kwa mphindi ziwiri zokha pa mphindi 100 zilizonse, kalasi la ana 15 limakhala lili chete pafupifupi mphindi 74, la ana 25 mphindi 60, ndipo la ana 100 mphindi 13 zokha. Awa ndi masamu a ganizo chabe, koma akusonyeza chifukwa chake ana aang'ono, amene sanazolowere kukhala pansi, ndiwo amavutika kwambiri. Peter Blatchford ndi anzake, amene anatsata ana oposa 10,000 ku Mangalande ndi kukhala nawo m'makalasi, anaona kuti m'kalasi laling'ono mwana amalankhulana ndi mphunzitsi kawirikawiri ndipo sachedwa kuwongoleredwa akalakwitsa. John Hattie mu 2009 anaika mphamvu ya kuchepetsa kalasi pa 0.21, pansi pa 0.40 imene iye anaitenga ngati muyeso wa njira yopindulitsa, ndipo anafotokoza kuti aphunzitsi ambiri akapatsidwa ana ochepa amaphunzitsabe monga ankachitira ali ndi ambiri.

Umboni wa m'mayiko osauka ndi wochepa, ngakhale kuti kumeneko n'kumene makalasi ali aakulu kwambiri, makamaka kuchokera pamene fizi ya pulayimale inathetsedwa ku Malawi mu 1994, ku Uganda mu 1997 ndi ku Kenya mu 2003. Case ndi Deaton mu 1999 anapeza kuti pa nthawi ya tsankho ku South Africa, kuchuluka kwa ana pa mphunzitsi mmodzi kunkabweza m'mbuyo maphunziro a ana akuda. Kafukufuku wa maere wa Duflo, Dupas ndi Kremer kumadzulo kwa Kenya ndiye wofunika koposa pa ntchito ino. Sukulu zinapatsidwa mphunzitsi wowonjezera wa kontirakiti, ndipo kalasi loyamba linatsika kuchoka pa ana pafupifupi 82 kufika pa 44. Ana amene anatsala ndi aphunzitsi aboma sanakwere pa mayeso mooneka, mwa zina chifukwa aphunzitsiwo anayamba kupezeka m'kalasi mwa apo ndi apo ataona kuti pabwera wothandiza, pomwe ana amene anapatsidwa mphunzitsi wa kontirakiti anakwera. Ku Indiya, Banerjee ndi anzake mu 2007 anaunika ndondomeko ya m'mizinda ya Vadodara ndi Mumbai yotulutsa ana otsalira m'kalasi kwa maola awiri pa tsiku kuti aphunzitsidwe zoyambirira. Otulutsidwawo anapindula, koma otsala m'kalasi, amene tsopano anali ochepa, sanasinthe mooneka.

Zotsatira ziwirizi zimatchulidwa kawirikawiri ngati umboni woti kukula kwa kalasi kulibe kanthu. Wolemba mutu uno sakugwirizana ndi kuwerenga kotero. Chimene zikusonyeza n'chakuti kuchepetsa ana popanda kusintha kaphunzitsidwe ndi kapezekedwe ka mphunzitsi sikukwanira. Mphunzitsi amene amalemba pa bolodi, ana n'kumabwereza mofuula, adzapeza zotsatira zofanana kwa ana 44 ndi kwa ana 82, chifukwa njirayo simufikitsa kwa mwana aliyense payekha. Koma kuphunzitsa kuwerenga kumafuna kuti mphunzitsi amve mwana akuwerenga, ndipo m'phunziro la mphindi 30 la ana 100, mwana aliyense angapeze masekondi 18 okha ngakhale mphunzitsi atapanda kuchita china chilichonse.

Mpata umene kafukufuku uno akufuna kudzaza uli pamenepa. Umboni wodalirika wochuluka ukukhudza makalasi a ana 13 mpaka 40, ndipo n'kulakwa kuutambasula kufikira makalasi a ana 100 kapena kuposerapo, kumene kuchonga makope onse n'kosatheka ndipo ana akumbuyo saona bolodi. Kafukufuku wambiri amawerenganso ana olembedwa m'kaundula m'malo mwa ana opezeka tsiku ndi tsiku, ndipo amayeza okhawo amene afika pa tsiku la mayeso, kusiya amene anabwereza kalasi kapena kusiya sukulu. Choncho ntchito ino idzawerenga ana opezekadi m'kalasi, idzayeza nthawi imene mwana aliyense amawerenga mphunzitsi akumumvetsera, ndipo idzatsata kubwereza kalasi ndi kusiya sukulu pamodzi ndi zotsatira za mayeso a kuwerenga.