Za chiliza cha agogo: zomwe zatuluka m'gulupu ya banja

10/08/2025, 18:02 - Amalume Dedza: Moni nonse. Chaka chakwana mayi atatisiya, manda akadali mulu wadothi. Tikambe za chiliza mvula isanabwere.
10/08/2025, 18:09 - Amayi aang'ono Ndirande: Zikomo achimwene poyiyamba nkhaniyi. Ine usiku sindigona nayo.
10/08/2025, 18:15 - Yamikani: Bwanji Loweruka pa 20 Sepitembala?
10/08/2025, 18:21 - Amalume Dedza: Ayi mphwanga. Pa 16 kuli chisankho. Sabata imeneyo anthu akhala makutu ali ku wailesi, ena ataopa n'kuyenda komwe.
10/08/2025, 18:40 - Achimwene Joni: Ine tchuthi amandipatsa Disembala basi. Simungandidikire?
10/08/2025, 18:44 - Amalume Dedza: Disembala simenti tikaipaka pamatope? Nanga kumunda apite ndani? Galimoto siwoloka padambo paja mvula ikagwa.
10/08/2025, 18:46 - Achimwene Joni: This message was deleted
10/08/2025, 18:47 - Achimwene Joni: Chabwino amalume
10/08/2025, 19:05 - Amayi aang'ono Ndirande: 18 Okutobala nanga? Pa 15 ndi tsiku la anakubala, ena atha kulumikiza tchuthi n'kufika msanga.
10/08/2025, 19:11 - Amalume Dedza: Limenelo ndalilola. Koma abusa tiwamve kaye.
10/08/2025, 19:12 - Chisomo Leeds: Ine sindibwera koma ndisonkha
11/08/2025, 06:14 - Mlamu Kawale: <Media omitted>
11/08/2025, 06:15 - Mlamu Kawale: Mmawa wabwino abale. Atumizireni anthu khumi mudalitsidwe
11/08/2025, 12:30 - Yamikani: Ndafunsa mitengo. Mmisiri wa pa Linthipe akuti matumba a simenti 12, thumba K35,000. Dzanja lake K250,000. Mwala wolembapo dzina ku Lilongwe kuno K300,000, amaukonza masabata atatu.
11/08/2025, 12:52 - Amayi aang'ono Ndirande: Mmisiriyo ndi yemwe anamanga cha abambo? Chija chinang'aluka chaka chisanathe.
11/08/2025, 12:55 - Yamikani: Sindikudziwa, ndifunsa
11/08/2025, 13:20 - Amalume Dedza: Ife ana atatu K100,000 aliyense. Zidzukulu zogwira ntchito K60,000. Muli 11, ndakuwerengani.
11/08/2025, 13:22 - Mphatso: Ine ganyu ndi ntchito amalume? 😂
11/08/2025, 13:25 - Amalume Dedza: Nsima ya agogo ako unkadya ngati waganyu?
11/08/2025, 13:26 - Mphatso: Ndamva
11/08/2025, 13:40 - Mlamu Kawale: Akunja awonjezereko, ndalama zawo n'zolemera
11/08/2025, 14:58 - Chisomo Leeds: Alamu, lendi yakunonso n'njolemera
11/08/2025, 15:10 - Amayi aang'ono Ndirande: Tisayambane. Ndalama nditumizireni ine pa Airtel Money, ndizilemba m'kope. Malire 30 Sepitembala.
11/08/2025, 15:12 - Amalume Dedza: Zili bwino. Asunge ndi mlongo wanga.
13/08/2025, 09:03 - Yamikani: Amene muli ndi Mpamba mutha kuponya kwa ine
13/08/2025, 09:41 - Mphatso: Ndaponya 30 kwa iwe Yami, inayo kumapeto a mwezi
13/08/2025, 10:15 - Achimwene Joni: Ndatumiza 60 pa Mukuru, dzina la Yamikani
13/08/2025, 20:02 - Amayi aang'ono Ndirande: Yanga 100 ndaika. Chisomo 60 yafika, zikomo mwanangu.
13/08/2025, 20:30 - Yamikani: Pamwala tilembepo chaka chanji chobadwa?
13/08/2025, 20:33 - Mlamu Kawale: Chiphaso chawo chikuti 1 Januwale 1940
13/08/2025, 20:41 - Amalume Dedza: Chimenecho anangowaganizira polembetsa mu 2017, ndinali pomwepo. Mayi ankanena kuti pa njala ya 1949 anali atayamba kale kusinja ndi kubereka mng'ono wawo kumsana. Ine ndimati 1938.
13/08/2025, 20:48 - Amayi aang'ono Ndirande: Mwana wa zaka 8 sasinja? Ine anandiuza 1941.
13/08/2025, 20:50 - Chisomo Leeds: Kutchalitchi kulibe buku la ubatizo?
13/08/2025, 20:51 - Amalume Dedza: Mwina lilipo
13/08/2025, 21:07 - Amayi aang'ono Ndirande: Vesi likhale 2 Timoteo 4:7, ankalikonda ku mvano
13/08/2025, 21:08 - Mphatso: 👍
13/08/2025, 21:08 - Chisomo Leeds: 👍
17/08/2025, 16:20 - Amalume Dedza: Ndaonana ndi anyakwawa. Alola kuti tilowe kumanda. Adzukulu apatsidwe nkhuku ziwiri ndi ufa.
17/08/2025, 16:24 - Chisomo Leeds: Ifeyo tilandiranso nkhuku?
17/08/2025, 16:26 - Mphatso: Okumba manda iwe 😂😂 Chichewa chathawa kale?
17/08/2025, 16:35 - Amalume Dedza: Chimanga matumba atatu ndipereka ine. Mbuzi zigulidwe ziwiri. Ndipo pakhale kamowa ka amuna akumanda.
17/08/2025, 16:39 - Amayi aang'ono Ndirande: Mowa pachiliza cha mayi wa mvano? Thobwa likwanira achimwene.
17/08/2025, 16:52 - Amalume Dedza: Tidzakamba
17/08/2025, 17:30 - Mlamu Kawale: Wina afunse za matenti ndi mipando
17/08/2025, 17:31 - Yamikani: Zoona
17/08/2025, 17:33 - Mphatso: Zoonadi
17/08/2025, 18:10 - Mlamu Kawale: Nsalu yofanana tivala? Ndaona yabwino mumsika
17/08/2025, 18:10 - Mlamu Kawale: <Media omitted>
19/08/2025, 07:45 - Yamikani: Aku Lilongwe tipange hayala minibasi imodzi, mafuta akuvutawa aliyense asayende payekha
19/08/2025, 07:58 - Amalume Dedza: Tiyamike ali kuti? Sakumveka.
19/08/2025, 08:00 - Yamikani: Foni yawo inagwera m'ndowa amalume, agula ina dzulo

Yamikani, mlongo wanga,

Wangondiponyera chimulu chonsechi osalembapo ngakhale moni. Ndayamba ndadikira kuti mwina uthenga wina ukubwera wonena chochita, kuli zii. Ndiye ndawerenga kawiri, ndatenga kope, ndapatula zomwe zatheka, zomwe zikadali m'malere, ndi ntchito ya aliyense. Ngati umafuna china, undiuze.

Zomangika zenizeni ndi izi. Chiliza chimangidwa chaka chino mvula isanagwe. Sepitembala ndi Disembala amalume akana. Ana atatu K100,000 aliyense, zidzukulu 11 K60,000 aliyense, malire 30 Sepitembala. Msungichuma ndi amayi aang'ono, ndipo amalume anavomereza ndi pakamwa pawo. Anyakwawa alola, adzukulu adzalandira nkhuku ziwiri ndi ufa. Chimanga matumba atatu chichokera kwa amalume. Vesi ndaliika pomwepa ngakhale analivomereza ndi zala ziwiri zokha, poti palibe anatsutsa.

Tsiku la 18 Okutobala sindinaliike pa zomangika. Tonse tikulitchula ngati zatha, koma amalume anati "abusa tiwamve kaye," ndipo kuchokera pa 10 palibe wanena kuti wapita kwa abusa. Okutobala Loweruka lililonse kumakhala maukwati. Tikapeza abusa ali ndi ukwati tsiku limenelo, minibasi yako ija idzanyamula anthu opita kukadya mbuzi basi.

Tsopano nkhani yomwe yandikhazika pansi ndi ya ndalama, chifukwa zikuoneka kuti palibe anaphatikiza. Tikasonkha tonse osatsala ndi mmodzi yemwe, tipeza K300,000 ya ana ndi K660,000 ya zidzukulu, pamodzi K960,000. Simenti ndi K420,000, mmisiri K250,000, mwala K300,000. Zitatu zokhazi zakwana K970,000. Tapereweratu kale K10,000 tisanagule mchenga, njerwa, mbuzi ziwiri, nkhuku, mchere, mafuta ophikira, tisanalipire chigayo, matenti, ngakhale galimoto yonyamula mwalawo kuchoka ku Lilongwe. Ndipo mtengo wa simenti unaufunsa pa 11 Ogasiti, iwe ukudziwa kuti mitengo sikudikira munthu. Choncho pakufunika chimodzi: chopereka chikwere, kapena tichepetse zina. Alamu anaiponya ija ya akunja, Chisomo anaibweza, amayi aang'ono n'kuizimitsa. Yazima koma sinathe. Ine maganizo anga, tisawatchule akunja paokha. Amalume angonena kuti chosowa ndi chakuti, amene angathe awonjezere. Achimwene aku Joni anafufuta uthenga asanati "chabwino." Munthu amene wakanizidwa tsiku si wom'pempha ndalama yapadera pagulu. Uwaimbire.

Zomwe zalowa, malinga ndi zolembedwamu, ndi K250,000. Kwa amayi aang'ono kuli K160,000, yawo ndi ya Chisomo. Kwa iwe kuli K90,000, ya achimwene ndi theka la Mphatso. Apa ndikudzudzule pang'ono. Amalume anasankha msungichuma mmodzi, patapita masiku awiri iwe n'kutsegula thumba lachiwiri. Ndikudziwa umafuna kuthandiza a Mpamba, koma m'kope la ku Ndirande ndalama imeneyo mulibe, ndipo maliro a abambo aja tinakangana pa zoterezi. Itumize lero, ulembe m'gulupu kuti watumiza. Yakonso sindikuiona paliponse. Yanga ndiponya malipiro akatuluka.

Zina zosayankhidwa. Chaka chobadwa chili patatu: 1938, 1940, 1941. Ichi n'chofulumira kuposa momwe chikuonekera, chifukwa wosema mwala sangayambe opanda chaka, ndipo akufuna masabata atatu. Kuti mwala ufike kumudzi sabata imodzi tsikulo lisanakwane, mawu onse akhale ali kwa iye pofika 20 Sepitembala. Funso la Chisomo la buku la ubatizo ndilo lanzeru kuposa onse m'menemu, koma linangoyankhidwa "mwina." Likapanda kupezeka, ine ndingakonde tilembe tsiku lomwalira lokha kusiyana n'kusema pamwala chaka chongoganizira. Mmisiri sitikudziwa ngati ndi yemwe uja wa chiliza chong'aluka. Mowa kapena thobwa, imeneyo ndi ya amalume ndi mlongo wawo, ife ana tisalowemo. Nsalu yofanana palibe anayankha. Ndi kuperewera kumeneku ine ndikuti isiyidwe, amayi a mvano adzavala zawo kale. Mbuzi zanenedwa kuti zigulidwe, wogula sanatchulidwe.

Ntchito tsono. Amalume: kuonana ndi abusa za pa 18, ulendo womwewo kufunsa buku la ubatizo, ndi chimanga. Izi sanalonjeze okha kupatula chimangacho, ndiye uwapemphe mwaulemu, ndiwo ali pafupi ndi tchalitchi. Amayi aang'ono: kope la ndalama, ndipo ndiwapempha kuti azitijambulira tsambalo Lamulungu lililonse. Iwe: K90,000 ija, kufunsa za mmisiri monga unalonjeza pa 11, mtengo wa mchenga ndi njerwa, ndi minibasi poti unaiyambitsa ndiwe, uwerenge mitu kaye usanapereke chikole. Mphatso: K30,000 yotsala kumapeto a mwezi. Matenti ndi mipando alibe mwini. Alamu anati "wina afunse," anthu awiri n'kuyankha "zoona," m'modzi mwa iwo ndiwe. Ndatenga ine, ndifunsa aphunzitsi anzanga a kusukulu ya kumudzi ngati angatibwereke mabenchi.

Usaiponye m'gulupu momwe ililimu. Chotsa za achimwene ndi zokudzudzula iwezo, zotsalazo uwawerengere kaye amalume pafoni madzulo ano, poti zolemba zazitali sawerenga. Akavomereza ndiye uike. Ndipo undilowetsenso m'gulupumo, nambala ndi yomwe ija.

Ndine mlongo wako,
Tiyamike