Kalata yokana K2,088,000 ya chipukutamisozi cha galimoto yanga

Mangochi Boma
24 Juni 2024

Kwa Mkulu woona zolipira pa ngozi za galimoto
Nthambi ya ku Blantyre

Bwana,

ZA DANDAULO NAMBALA 0417/24: TOYOTA PROBOX YA 2014

Kalata yanu ya pa 12 Juni ndinailandira, pamodzi ndi fomu yoti ndisaine kuvomera K2,088,000 ngati malipiro onse ndi omaliza. Fomuyo sindinasaine ndipo sindisaina momwe ilili. Ndalama imeneyi singabwezere galimotoyi pamsewu. Malinga ndi pangano lathu la inshuwalansi, yoyenera kundilipira ndi K4,255,605, ndipo m'munsimu ndafotokoza momwe ndaipezera.

Za ngoziyo sitikutsutsana. Lachinayi pa 16 Meyi chakumadzulo, ndikuchokera ku Ulongwe pamsewu wa M3, ng'ombe inadumphira mumsewu nditatsala pang'ono kufika ku Mangochi Boma. Ndinaiwomba ndi mbali yakumanzere, galimoto n'kukagwera m'ngalande. Apolisi a pamsewu anafika, lipoti lawo muli nalo, ndipo ine ndinakudziwitsani m'mawa mwake. Pamene tasiyana ndi pa kawerengedwe ka wowunika wanu.

Iye anaika K1,900,000 pa boneti, bampala, getsi lakumanzere, fenda, girilo ndi galasi lakutsogolo. Ndinamufunsa pafoni kuti zipangizozi ndikazipeze kuti pamtengo umenewu, sanatchule sitolo ngakhale imodzi. Ine ndatenga makotesheni atatu, amodzi kuno ku Mangochi, awiri ku Limbe, onse a mwezi uno. Otsika kwambiri ndi K2,480,000. Zikuoneka kuti mitengo ya wowunikayo ndi ya kale, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe zipangizo za galimoto zonse timachita kuitanitsa kunja. Kugwa kwa kwachako inu mukukudziwa bwino, chifukwa titakonzanso pangano mu Febuluwale chaka chino munaika mtengo wa galimotoyi pa K10,500,000, n'kukweza ndalama yomwe ndimalipira pachaka. Ndinalipira osawiringula. Ngati polandira ndalama yanga munawerengera mitengo ya lero, pondilipira muwerengerenso ya lero.

Pa K1,900,000 yomweyo munachotsanso K380,000, ponena kuti zipangizo zatsopano zipangitsa galimoto kukhala yabwino kuposa momwe inalili. Mfundo imeneyi ndikuimvetsa, ndipo ikanagwira ntchito ndikanapempha zipangizo za m'bokosi. Koma werengani makotesheni onse atatu: akunena poyera kuti ndi zipangizo zogwirapo kale ntchito, zochotsedwa pa galimoto za ku Japan. Kuchotsa boneti ya zaka khumi n'kuikapo boneti ina ya zaka khumi, ndapindulapo chiyani? Pamene mfundoyi ikukhudza ndi pa tayala lakutsogolo lomwe linaphulika. Wowunika wanu sanalilembe n'komwe. Linali litatha pafupifupi theka, choncho pa K140,000 ya latsopano ndikupempha K70,000 yokha.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi mawu akuti rediyeta, mkono wogwira gudumu ndi ndodo ya chiwongolero zinali zowonongeka kale ngozi isanachitike. Bwana, galimoto imeneyi ndi yomwe imadyetsa banja langa. Kawiri pa sabata ndimanyamula katundu wa m'golosale kupita naye ku Namwera, kukwera mapiri a Chowe. Aliyense amene anayendapo msewu umenewu akudziwa kuti galimoto yodontha rediyeta singathe kukwera mpaka pamwamba, ndipo palibe munthu wokonda moyo wake amene angatsike makhota aja ndi chiwongolero cholobodoka. Koma sindikufuna kuti mungokhulupirira pakamwa panga. Ndaphatikizapo chiphaso cha COF cha mu Malichi, pamene chiwongolero ndi mabuleki zinayesedwa n'kupezeka bwino. Ndaphatikizaponso lisiti la garaja la pa 22 Epulo, masabata atatu ndi theka ngozi isanachitike, losonyeza kuti anathira madzi atsopano mu rediyeta ndipo sanapeze podontha. Pa zithunzi zomwe ndinajambula pamalo angozi, chachitatu chikuonetsa madzi obiriwira ali pansi pa injini, ndipo chachisanu chikuonetsa gudumu lakumanzere litapindikira m'kati, mbali yomweyo yomwe inagwera m'ngalande. Pamene mkonowo wang'alukira, chitsulo chake n'choyera, chopanda dzimbiri. Mng'alu wakale sukhala wotero.

Wowunika wanu anakhala pagaraja mphindi zosakwana makumi awiri, ndipo galimoto sanaikweze pa jeke kuti aone kunsi. Makaniko wamkulu wa garajayo walemba zimenezi m'kalata yake ndipo wasaina.

Pali zina ziwiri zomwe zangosowa m'mawerengedwe anu popanda kufotokoza. Msonkho wa VAT wa 16.5 peresenti mulibemo, chonsecho garaja ndi masitolowa ndi olembetsedwa ku MRA ndipo adzandilipiritsa. Ine golosale yanga ndi yaing'ono, sindinalembetse VAT, ndiye palibe komwe ndingakaibwezetse. Kukoka galimoto kuchokera pamalo angozi ndinalipira K180,000. Pangano likuti malire anu ndi K150,000, ndipo ndikupempha yomweyo.

Pa ntchito ya manja ndi penti garaja inapempha K950,000, inu munati K800,000. Ndakambirana nawo ndipo avomera mtengo wanu. Ndalama ya 10 peresenti yomwe mwini galimoto amasenza yekha sindikuikananso, inalembedwa m'pangano.

Mawerengedwe anga ndi awa:

Zipangizo zomwe munavomera, pa kotesheni yotsika: K2,480,000
Rediyeta: K310,000
Mkono wa gudumu ndi ndodo ya chiwongolero: K270,000
Theka la tayala: K70,000
Ntchito ya manja ndi penti: K800,000
Zonse pamodzi: K3,930,000
VAT ya 16.5 peresenti: K648,450
Kukoka galimoto: K150,000
Zonse ndi msonkho: K4,728,450
Kuchotsa 10 peresenti yanga: K472,845
Yoyenera kundilipira: K4,255,605

Kusiyana kwake ndi zomwe mwapereka ndi K2,167,605. Ndalama yonse yokonzera sikufika ngakhale theka la mtengo wa galimoto womwe munaika nokha.

Ngati mukuona kuti mitengo yanga yakwera, sindikukakamira kulandira ndalama m'manja. Gulani nokha zipangizozo kumene mukuzipeza motchipa, muzitumize kugaraja, kapena mulipire garaja mwachindunji. Ngati mukukayikabe za rediyeta ndi chiwongolero, tumizani wowunika wina woima payekha yemwe tonse tingamuvomereze. Galimoto ili pagaraja yomweyo, sinakhudzidwe, ndipo ndawauza amakaniko kuti asamasule kanthu mpaka nkhaniyi ithe. Ndikupemphanso kuti munditumizire lipoti lonse la wowunika woyamba uja, ndi gawo la pangano lomwe mwatsamira pochotsa K380,000.

K2,088,000 yomwe mwavomera kale mukhoza kundipatsa pano ngati gawo la malipiro, kuti garaja iyambe kuitanitsa zipangizo. Ndidzasainira kuti ndalandira ndalama imeneyo basi, osati kuti nkhani yatha. Papita masabata opitirira asanu galimoto ili chiimire, ndipo ulendo uliwonse wa ku Namwera ndikuchita kubwereka galimoto ya eni pa K60,000. Ndalama imeneyi sindinaiike m'mawerengedwe chifukwa pangano lathu silikhudza zimenezo, koma ikutuluka m'thumba mwanga sabata iliyonse.

Ndikupempha yankho lolembedwa pofika Lachisanu pa 12 Julaye 2024. Tsikuli likadutsa tisanamvane, ndidzatengera dandauloli ndi mapepala onsewa ku ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi ku Reserve Bank of Malawi. Ndakhala nanu zaka zisanu ndi chimodzi osapemphapo kanthu, ndipo ndingakonde kuti nkhaniyi ithere pakati pathu.

Pamodzi ndi kalatayi mupeza makotesheni atatu, chiphaso cha COF, lisiti la pa 22 Epulo, kalata ya makaniko, zithunzi zisanu ndi zitatu ndi lisiti la wokoka galimoto.

Ine wanu,
Mwini galimoto wa dandaulo nambala 0417/24