Chidziwitso kwa ophunzira a Fomu 3: za phunziro la Bayoloje la Lachinayi lapitali

Okondedwa ophunzira,

Ambiri mwa inu mwandipeza kudzadandaula kuti pulogalamu ya AI imene tinagwiritsa ntchito Lachinayi lapitali ikukana kupitiriza zimene tinayamba. Ena mukuganiza kuti makompyuta awonongeka, ena mukukayikira anzanu a kalasi ina kuti anafufuta ntchito yanu. Palibe chimene chawonongeka, ndipo palibe amene anakuchitirani chipongwe. Ndalemba chidziwitsochi kuti tonse timve chimodzi tisanakumane Lachinayi likubwerali.

Mukumbukira kuti tinali pa kayendedwe ka magazi m'thupi. Gulu lililonse linafunsa pulogalamuyo za zipinda 4 za mtima, za njira imene magazi amadutsa kupita ku mapapo ndi kubwerako, ndipo belu linalira tili pa funso lakuti n'chifukwa chiyani chipinda chakumunsi cha kumanzere chili ndi minofu yochindikala kuposa cha kumanja. Zokambirana zimenezo kulibenso. M'chipinda cha makompyuta timagwiritsa ntchito pulogalamuyi osalowa ndi akaunti ya munthu aliyense, ndipo makompyutawo anakonzedwa kuti akazimitsidwa azifufuta zonse za tsikulo. Amatero poteteza inu nomwe, chifukwa kompyuta imodzi imadutsa m'manja mwa ophunzira ambiri pa sabata. Choncho pamene munatsegula pulogalamuyo Lolemba, munayamba zokambirana zatsopano, zopanda kanthu.

Koma pali chifukwa china chachikulu, ndipo ndi chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa chidzakuthandizani ngakhale mukamagwiritsa ntchito pulogalamu ngati imeneyi pa foni yanu. Pulogalamuyi sikumbukira monga timakumbukirira anthu. Zimene imadziwa za mtima, za masamu kapena za mbiri yakale zinalowa pa nthawi imene oipanga ankaiphunzitsa ndi zolembedwa zochuluka kwambiri, ndipo kuphunzitsako kunatha isanafike kwa ife. Kucheza kwathu kwa Lachinayi sikunawonjezere kanthu pa zimenezo. Nanga inkatha bwanji kutsatira nkhani yathu kwa ola lonse? Nthawi iliyonse mukalemba funso, zonse zimene zalembedwa kale mu zokambiranazo, mafunso anu ndi mayankho ake omwe, zimatumizidwanso kwa iyo pamodzi ndi funso latsopanolo. Imaziwerenga kuchokera pachiyambi, kenako n'kuyankha. Ili ngati mlendo wanzeru amene walowa m'kalasi lero: chimene akudziwa za inu ndi chokhacho chili pa pepala limene mwamupatsa m'manja. Pepalalo likasowa, sadziwa kuti munakumanapo.

Ena mwa inu mwanena kuti pa foni ya akulu anu zokambirana zakale zimaoneka m'mbali. Nzoona. Munthu akalowa ndi akaunti yake, mapulogalamu ambiri amasunga zokambirana, ndipo akatsegula zomwezo akhoza kupitiriza. Koma akayamba zatsopano, pulogalamuyo siona zakalezo, pokhapokha ngati ili ndi mbali yapadera yosunga mfundo zina za mwini akauntiyo kapena yofufuza m'zokambirana zakale. Ife mbali imeneyo tilibe. Ndiponso zokambirana zimodzi zili ndi malire a kutalika kwake. Pulogalamuyi imawerenga mawu powaduladula m'tizidutswa totchedwa matokeni, ndipo pali chiwerengero cha tizidutswa chimene ingathe kuona nthawi imodzi. Zokambirana zikatalika kupitirira pamenepo, imayamba kutaya zoyambirira kapena imakuuzani kuti muyambe zina. Mawu a Chichewa nthawi zambiri amaduka tizidutswa tochuluka kuposa a Chingerezi, ndiye amene mumafunsa m'Chichewa mumafika pa malirewo msanga.

Tsopano nkhani imene yandidetsa nkhawa. Gulu limodzi litalemba kuti pulogalamuyo ipitirize pamene tinalekezera sabata yatha, inayankha moona kuti ilibe zokambirana zimenezo. Gulu lina inalipatsa ndime zitatu zokoma kuwerenga za magulu a magazi, ikulankhula ngati ndi zimene tinali kuchita, ndipo ophunzirawo anakopera zonse m'makope. Ife za magulu a magazi sitinayambe n'komwe. Pulogalamuyo inangoona mawu akuti Bayoloje ndi magazi, n'kulota zimene kalasi ingakhale itaphunzira. Sinachite dala, chifukwa ntchito yake ndi kupanga mawu ooneka oyenera kutsatira amene yapatsidwa, ndipo nthawi zina imachita zimenezo ngakhale pamene ilibe chodziwa. Chondiopsa ine n'chakuti yankho longopeka ndi yankho loona zimatuluka ndi chidaliro chimodzimodzi. Simungazisiyanitse pomva kukoma kwa chiganizo. Amene muli ndi ndime zimenezo m'makope mwanu, musazing'ambe. Lembani mzere pamwamba pake kuti si za phunziro la Lachinayi, tidzaziyang'ana pamodzi tikafika pa mutu umenewo.

Phunziro lenileni silinatayike, chifukwa ndinakuuzani kuti aliyense alembe mfundo zazikulu pamene tinkakambirana, ndipo ndinaona kuti ambiri munalemba. Pofika Lachitatu masana, gulu lililonse likhale pansi, liphatikize zimene mamembala ake analemba, n'kukonza chidule chosapitirira mizere 10. Chidulecho chinene mutu wake, mfundo zimene tinagwirizana, ndi funso limene tinalekezera. Musaiwale kuti mbali ya kumanja ya mtima imatumiza magazi ku mapapo, pamene ya kumanzere imawatumiza thupi lonse, chifukwa yankho la funso lathu lili pomwepo. Atsogoleri a magulu adzandionetse chidulecho ndisanaweruke. Ndikufuna kuchiona kaye, pakuti mukaipatsa pulogalamuyo mfundo yolakwika, ikhoza kungoilandira n'kumangirapo zina.

Lachinayi tikalowa m'chipinda cha makompyuta, uthenga wanu woyamba udzakhala chidule chimenecho, kenako funso. Musadzaifunse ngati ikukukumbukirani. Iuzeni kuti ndinu a Fomu 3, mwaphunzira izi ndi izi, ndipo mukufuna kumvetsa chakutichakuti. Yankho limene idzapereke tidzaliyerekeza ndi zimene zili m'buku lathu tisanalembe kalikonse. Mphindi 10 zomalizira tidzazisunga kuti gulu lililonse lilembe chidule chatsopano cha tsikulo, ndipo tizichita choncho phunziro lililonse limene tagwiritsa ntchito pulogalamuyi.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi. Musalembe mayina anu onse, manambala a foni kapena nkhani za m'banja mwanu mu pulogalamuyi. Kufufutika kwa zokambirana pa kompyuta yathu sikutanthauza kuti zafufutika kulikonse, chifukwa zimene mwalemba zimadutsa pa intaneti kupita ku makompyuta a kampani imene inapanga pulogalamuyo, ndipo kumeneko akhoza kuzisunga kwa nthawi ina malinga ndi malamulo awo.

Amene simunabwere Lachinayi lapitali, lowani m'gulu lanu pa ntchito ya chidule ija, ndipo mukopere mfundo za anzanu lisanafike tsiku la phunziro. Ngati wina wasowa gulu, andipeze mu ofesi ya aphunzitsi nthawi yopuma. Aliyense adzabwere ndi kope lake, buku la Bayoloje, ndi chojambula cha mtima chimene tinayamba kulemba mayina a mbali zake.

Ndine,
Mphunzitsi wanu wa Bayoloje