Kalata ya ku Bodi: Zomwe Tapeza M'makontirakiti a Kampani ya Thonje ya ku Ngabu

Kupita kwa: Wapampando ndi mamembala onse a bodi
Kuchokera kwa: Mkulu wa za malamulo, ofesi ya ku Nchalo
Tsiku: 14 Okotobala 2025
Zachinsinsi: kalata ino isatuluke kunja kwa bodi

Bambo Wapampando ndi mamembala olemekezeka,

Mu Ogasiti munandituma kuti ndiwerenge makontirakiti a kampani ya thonje ndi chitowe yomwe tikufuna kugula masheya ake onse pa mtengo wa K6.4 biliyoni. Eniake adatipatsa mndandanda wa makontirakiti 53. Ine ndi anzanga awiri tawerenga 47. Asanu ndi limodzi otsalawo tawapempha katatu, mpaka lero sanabwere.

Langizo langa ndi lakuti pa msonkhano wa pa 23 Okotobala musavomereze kusayina pa mtengo umenewu. Sindikunena kuti kampaniyi ndi yachabe. Fakitale yake yochotsa nthanga m'thonje ikugwira bwino ntchito, ndipo alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje amaidziwa. Koma zinthu ziwiri zomwe zikuipatsa mtengo, msika wake ndi malo ake, sizili m'manja mwake momwe ogulitsa adatiuzira. Chonde kumbukiraninso kuti wogula masheya amagula kampani yonse ndi ngongole zake, zolembedwa ndi zobisika zomwe.

1. Kontirakiti ndi wogula thonje wamkulu

Ndalama 62 pa 100 zilizonse zomwe kampaniyi idapeza chaka chatha zidachokera kwa wogula mmodzi wakunja. Mtengo wathu wonse udawerengedwa poganiza kuti wogulayu akhalapo mpaka 2029, pomwe kontirakiti ikutha. Ndime 18.2 ikuti masheya oposa theka akasintha mwini, wogulayo ali ndi ufulu wothetsa mgwirizano atangopereka chidziwitso cha masiku 30, osalipira kanthu. Tsiku lomwe tidzasayine ndi tsiku lomwe ufulu umenewu udzayambe. Nditafunsa ngati wogulayo akudziwa za malonda athuwa, mkulu wa kampaniyo adati "adzamvetsa". Kalata yosonyeza zimenezi palibe.

Ndime 11 ikukakamiza kampaniyi kupereka matani 900 a thonje lochotsedwa nthanga chaka chilichonse, ndipo tani iliyonse yoperewera ili ndi chindapusa cha madola 120. Nyengo yapitayi adapereka matani 610 okha, kutanthauza chindapusa cha madola 34,800 chomwe m'mabuku mwawo mulibe. Wogulayo sanachiitanitse, komanso sanalembe paliponse kuti wachikhululuka.

Chomwe chandidetsa nkhawa koposa ndi ndime 21, yonena za ngozi zomwe zingamasule kampani ikalephera kupereka katundu. Yatchula nkhondo, sitiraka ndi chiletso cha boma. Madzi osefukira sadatchulidwe. Aliyense wa ife akudziwa chigwa chino. Mu Januwale 2015 madzi adasesa midzi ndi minda, mu Marichi 2019 zidabwerezanso, mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira ndi kudula msewu wa M1, kenaka Freddy mu Marichi 2023. M1 ikaduka, thonje la ku Ngabu lilibe njira ina yabwino yokwerera ku Blantyre. Munthu yemwe adavomera ndime imeneyi adalonjeza zomwe palibe kampani ya kuno ingalonjeze. Ndipo inshulansi ya nyumba yosungira mabelo nayonso, pa tsamba 7, ikukana kulipira zoonongeka ndi madzi osefukira.

2. Malo a munda wothirira

Pepala lotsatsa malonda likuti kampaniyi ili ndi mahekitala 220 m'mbali mwa Shire. Mahekitala 140 ali ndi lizi yabwinobwino, yotsala ndi zaka 23, ndipo taifananiza ndi zolembedwa ku unduna wa za malo. Mahekitala 80 enawo alibe lizi. Chomwe chilipo ndi kalata ya tsamba limodzi ya mu 2014, yokhala ndi chidindo cha nyakwawa yomwe idamwalira kale, yonena kuti kampani "ilime pamalopo". Mapu palibe, malire sadalembedwe, zaka sizidatchulidwe.

Kalata yotere si umboni wa umwini. Chikhazikitsireni lamulo la malo a mafumu la 2016, kugawa malo otere kumadzera m'makomiti a malo a m'mudzi, ndipo kampaniyi sidapiteko n'komwe kukakonza mapepala ake. Tsoka lake, mapampu onse, polowera madzi ndi nyumba yosungira zipangizo zili pa mahekitala 80 omwewa. Akachoka amenewa, mahekitala 140 aja asanduka munda wodalira mvula, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa.

Ndidapitako ndekha pa 26 Seputembala. Mabanja 31 adalembera kale ofesi ya bwanamkubwa kuti malowa ndi madimba a makolo awo, ndipo adangowabwereketsa. Ndidakhala nawo pansi pa mtengo pafupifupi maola awiri. Mayi wina wachikulire adandilozera pomwe panali dimba la mayi ake, pomwe lero pali mpope. Anthuwa sanabwere ndi mkwiyo, koma nkhani yawo ndi yomveka, ndipo ndikadakhala loya wawo sindikadaopa kupita nayo kukhoti. Ogulitsa sadatiuze za dandauloli ngakhale fomu yathu idafunsa mwachindunji za mikangano ya malo. Kubisa kumeneku n'komwe kwandichititsa kukayikira makontirakiti asanu ndi limodzi omwe sanatipatse aja.

Chilolezo chopopa madzi mu Shire, chofunika pansi pa lamulo la za madzi la 2013, chidatha mu Juni 2024. Mapampu akugwirabe ntchito.

3. Ngongole ya madola ndi chikole chopinyolitsidwa kawiri

Mu 2022 kampaniyi idabwereka madola 1.1 miliyoni kunja pogula makina. Yatsala ndi madola 780,000. M'mabuku ngongoleyi ikuwerengedwabe pa K1,180 pa dola, mtengo wakale kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tikangoiwerenga pa K1,700, ngongoleyi ikukwera ndi ndalama zoposa K400 miliyoni. Ndalama zimenezi zichoke pa mtengo, palibe chokambirana.

Makina omwewo ndi chikole cha ngongole inanso ya K450 miliyoni ku banki ina ya m'dziko muno. Tazipeza m'kaundula wa zikole za katundu, osati m'mapepala omwe adatipatsa. Kontirakiti ya wobwereketsa wakunja ikuletsa kupinyolitsanso makinawo, ndipo ikuti zikatero ngongole yonse iitanitsidwe nthawi imodzi. Kontirakiti ya bankiyo nayo ikuti ngongole ina ikaitanitsidwa, yakenso ikhale yoitanitsidwa. Kalata imodzi yokha ikhoza kugwetsa zonse ziwiri m'sabata imodzi.

4. Mapangano ndi alimi

Kampaniyi imapereka mbewu ndi mankhwala pangongole kwa alimi 3,800 a m'makalabu 96, ndipo mabuku akusonyeza K310 miliyoni ngati ndalama zoti zidzabwezedwa. Tidasankha mafomu 200 kuti tione. Onse ndi a m'Chingerezi, pomwe alimi ambiri adadinda ndi chala. Palibe mzere wosonyeza kuti wina adawamasulira m'Chisena, m'Chimang'anja kapena m'Chichewa, ndipo pa mafomu 74 palibe mboni. Mtengo wogulira thonje sudalembedwe, angoti "mtengo womwe kampani idzanene", osatchula n'komwe mtengo wotsikitsitsa womwe boma limalengeza chaka ndi chaka.

Mlimi wosainira pepala lotere akagulitsa thonje lake kwa mavenda, ine sindingamutengere kukhoti, ndipo sindingakulangizeni kutero. K190 miliyoni mwa ngongolezi yadutsa nyengo ziwiri, yambiri ndi ya alimi omwe minda yawo idakwiririka ndi mchenga nthawi ya Freddy. Tiiwerenge ngati yotayika. Tikadzagula, mafomuwa alembedwenso m'chilankhulo chomwe mlimi akumva.

5. Zina zofunika kuzidziwa

Kontirakiti yonyamula katundu ili ndi kampani ya mlamu wake wa mkulu wa kampaniyi. Ndi ya zaka zisanu, mtengo wake ukuposa ndi 28 peresenti mitengo itatu yomwe tafunsa kwa eni malole a ku Nchalo ndi Bangula, ndipo woithetsa alipire zaka zonse zotsala. M'mabuku a misonkhano ya bodi yawo mulibe pomwe mkuluyo adaulula ubalewu, chomwe lamulo la makampani la 2013 limafuna kwa dayirekitala aliyense.

Pali munthu wina yemwe amalandira K4 miliyoni mwezi uliwonse "pothandiza za zilolezo". Lipoti la ntchito yake palibe ngakhale limodzi. Sindikunena kuti ndi ziphuphu, chifukwa umboni ndilibe, koma sindingalole kuti kampani yathu ilowe m'malipiro omwe sitingathe kuwafotokozera bungwe la ACB litafunsa.

Ndalama za penshoni, 5 peresenti yodulidwa kwa antchito ndi 10 peresenti ya bwana, sizinaperekedwe kwa miyezi 14. Zakwana K38 miliyoni, osawerengera chilango. Ndalamazi si zambiri poyerekeza ndi zinazi, koma ndi za alonda ndi onyamula mabelo omwe akuganiza kuti zikusungidwa.

6. Zomwe ndikupempha bodi

Tisasayine mpaka titalandira kalata ya wogula wamkulu uja yolonjeza kuti sagwiritsa ntchito ndime 18.2, yokhululuka chindapusa, komanso yovomera kuika madzi osefukira mu ndime 21. Popanda kalata imeneyi, ndikulangiza kuti tichoke pa malondawa ngakhale mtengo utatsika motani.

Obwereketsa onse awiri avomereze polemba za kusintha kwa eni, ndipo nkhani ya chikole ikonzedwe ndi ndalama za ogulitsa. Mtengo utsike ndi K628 miliyoni: K400 miliyoni ya kugwa kwa kwacha, K190 miliyoni ya ngongole za alimi ndi K38 miliyoni ya penshoni. Kuonjezera apo, K900 miliyoni isungidwe kwa loya wapakati kwa miyezi 24, ituluke pokhapokha mahekitala 80 akapeza mapepala oyenera, mabanja 31 aja atamvedwa, ndi chilolezo cha madzi chitakonzedwa. Kontirakiti ya malole ndi ya "wothandiza za zilolezo" zithetsedwe ndi ogulitsa eniake tisanalowe.

Ogulitsa akakana, njira ina ndi kugula katundu yekha: fakitale, makina atamasulidwa pa chikole, ndi lizi ya mahekitala 140. Ngongole zambiri zikhoza kutsala kwa iwo, koma antchito abwera kwa ife ndi zaka zawo zonse monga lamulo la ntchito la 2000 likunenera, ndipo msika ndi madzi tidzayenera kuzifunafuna patokha. Njira iliyonse yomwe mungasankhe, bungwe la CFTC loona za mpikisano pa malonda liyenera kudziwitsidwa tisanatenge kampaniyi, choncho nthawi yake iwerengedwe.

Pangano loti ogulitsa asakambirane ndi wina likutha pa 30 Novembala. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndiwalembere mawa, kuwapatsa masiku asanu ndi awiri obweretsa makontirakiti asanu ndi limodzi otsala aja. Awiri mwa iwo, malinga ndi mndandanda wawo womwe, ndi a mahekitala 80 omwewa.

Ine wanu pa ntchito,
Mkulu wa za malamulo
Nchalo, Chikwawa