Kwa agogo anga aNaphiri, pa tsiku lokwanitsa zaka 80

Agogo, odi kunoko. Ndine mdzukulu wanu Tiyamike, ndikulemba ndili kuno ku Scotland. Amalume ndi amene akuwerengereni uthengawu pa foni yawo. Amalume, chonde werengani pang'onopang'ono, mukhale mbali ya khutu lakumanja lija limamva bwino, ndipo musadumphe ngakhale pamene ndakutchulani inuyo.

Lero ndi pa 15 Novembala, 2025, ndipo chiphaso chanu cha unzika chikuti mwakwanitsa zaka 80. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kuseka. Tsikuli simunalisankhe ndinu. Ndinalipo mu 2017 pamene tinapita kukalembetsa ziphaso zija, titakhala pamzere pansi pa mlambe kuyambira m'mawa. Mnyamata wolembera uja atafunsa tsiku lanu lobadwa munamuyankha kuti, “Mwana wanga, ine ndinali wakhanda, sindinaone. Amayi ankati ndinabadwa chaka chimene nkhondo ya azungu inatha, mango akupsa.” Iye anawerengetsa pa zala n'kulemba 1945, mwezi n'kuika Novembala, ndipo 15 uja anangomutola kuti akhale pakatikati. Inu munati chabwino, bola asakuchepetseni zaka. Ndiye ife adzukulu tinaligwira tsikuli, sitilitayanso.

Zaka 80 si masewera, agogo. Njala ya 1949 inakupezani muli ndi zaka zinayi, ndipo mumatiuza kuti chimene mumakumbukira ndi phala la malambe ndi amayi anu akuphika chiphikire madzi okhaokha kuti ana mugone mukuganiza kuti chakudya chikubwera. Munagulapo mchere ndi mapeni ndi masheleni kwacha isanabwere mu 1971. Munaona boma likutchedwa Fort Johnston, mwaliona likutchedwa Mangochi. Njala ya 2002 ndiye ndinaiona nanu limodzi ngakhale ndinali wamng'ono. Chaka chatha nyanja itakwera n'kumeza dimba lanu la kunsi lija, aliyense ankadandaula, inu n'kungoti nyanja yabwera kudzatenga malo ake, ibwerera ikakhuta.

Koma zimene ndikufuna kunena lero ndi za mulu wa usipa.

Amayi atatisiya mu 2006 ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Maliro atatha anthu ankakambirana za kumene ndipite, wina akuti ku Lilongwe, wina akuti ku Balaka. Inu simunalowe nawo m'zokambiranazo. Munangotenga kachikwama kanga kapulasitiki n'kukaika m'nyumba mwanu, kuseri kwa mtsuko, nkhani n'kuthera pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo tambala woyamba akalira munkandisiya ndili m'tulo, inu ulendo wa kudooko kukadikira asodzi a kauni akamakocheza. Ndinkadzuka mutabwera kale, usipa uli mbee pa thandala, manja anu akununkha nsomba ndi utsi. Fungo limenelo silinkachoka ngakhale musambe ndi sopo Lamulungu popita ku tchalitchi. Ndili mwana ndinkachita nalo manyazi anzanga akamandinena kuti yunifolomu yanga ikununkha usipa. Pepani agogo, ndinali wopusa. Yunifolomuyo anagula ndi usipa womwewo.

Masamu ndinaphunzirira pa chiguduli chanu pamsika, osati m'kalasi. Munkandiuza kuti ndiike miyulu, uliwonse nsomba zofanana, ndipo mukangoyang'ana kamodzi munkadziwa kuti mulu wachitatu ndaonjeza ziwiri. Munthu akagula miyulu inayi munkandisiya ndiwerengetse chenje ndekha, inu mukuyang'ana kumbali ngati simukuona, koma ndikalakwitsa chikhosomolo chinkakugwirani mwadzidzidzi. Inu amene sukulu munailekeza musanadziwe kulemba dzina lanu, simunaberedwepo ngakhale tambala imodzi ndi ogula ochokera ku Limbe aja. Ndipo madzulo munkandiuza kuti ndiwerenge mokweza za m'kope langa pa koloboyi, inu mukusankha nyemba. Mawu achizungu simunkawamva, koma ndikayamba kupeka zanga munkazindikira. Mpaka lero sindidziwa kuti munkadziwa bwanji.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale munagulitsa mbuzi ziwiri, ina ili ndi bere. Nditapita ku Bunda munandimangira ndalama pa mfundo ya chitenje, zamapepala zofewa ngati masamba a chisoso chifukwa chogwiridwagwiridwa, n'kundiuza kuti ndisamasule mpaka nditawoloka Liwonde. Ndinamasula tisanafike n'komwe pa Ulongwe, ndipo ndinalira m'minibasi anthu n'kumaganiza kuti ndikupita ku maliro.

Tsiku limene ndinakuuzani kuti ndapeza mwayi wodzaphunzira za ulimi wa nsomba ku Ulaya, munaseka mpaka kugwira nthiti. Munati, “Iwe, nyanja ili pakhomo pano, ukwere ndege kukafunsa azungu za nsomba? Chambo anachionapo iwowo?” Ndikuyankheni lero, agogo. Kuno ku yunivesite ya Stirling ali nazo nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba, amazisunga m'matanki m'nyumba yotenthetsedwa chifukwa panja zingafe ndi kuzizira. Tsiku loyamba nditalowamo n'kumva kutentha ndi kafungo ka madzi kaja, ndinaima kaye pakhomo, mtima uli kwathu. Nsomba yawo yaikulu kuno amaitcha salimoni, yofiira mkati, ndipo amaiweta m'zikwere za m'madzi monga amachitira a Maldeco kwathuko. Ndinailawa. Ndi yonona ndithu, koma siingafike pa kampango wanu wowamba wothira nsinjiro.

Ndiye tsiku lina mphunzitsi ankafotokoza kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa mpaka atakhwima, anzanga a m'mayiko ena n'kumalemba modabwa. Ine ndinangomwetulira. Ndinakumbukira tsiku lija munakalipira anyamata okoka khoka la maso ang'onoang'ono m'mbali mwa bango, mutatola chambo chimene chinalavula tiana pamchenga, n'kuwaonetsa kuti, “Mwapha mudzi wonse apa, mawa mudzadya chiyani?” Zimene munanena tsiku lija ndi zomwezo zili m'mabuku akuluakulu kuno, kungoti iwo amazilemba ndi manambala. N'chifukwa chake boma limatseka nyanja miyezi ino kuti chambo chiswane. Chambo chimene munkati kale chinkadyedwa ndi aliyense, lero mwana wa msodzi amangochiona chikukwera galimoto kupita m'tauni, ndipo ku Malombe kwatsala kambuzi. Chimene ndikuphunzira ine ndi kaswetsedwe ka mbewu ya nsomba ndi kapangidwe ka chakudya chake kuchokera ku soya ndi gaga, kuti munthu wa damu lake kumudzi azikolola nsomba zazikulu osadikira nyanja yokha. Ndikadzabwera mudzandiyese mayeso inuyo. Ndikuopa amenewo kuposa a kuno.

Za kuno ndingakuuzeni zambiri koma foni ya amalume ingathe moto. Kukuzizira, agogo. Mwera wa mu Julaye uja mumati walowa m'mafupa, kuno angautche chilimwe. Dzuwa likutuluka cha m'ma 8 koloko, pofika 4 koloko madzulo kwayamba kale kuda, ndipo likatulukalo silitentha, limangoyang'ana. Inu kumeneko mukugona pakhonde chifukwa cha kutentha, ine ndikugona ndi masokosi awiri. Chitenje chanu chobiriwira chija ndimafunda pamwamba pa bulangeti. Ufa ndimaupeza ku Glasgow m'sitolo ya anthu a ku Africa kuno, woyera bwino koma wopanda fungo la mphale yonyika, ndipo nsima yake imagwira m'mimba ola limodzi basi. Musadandaule, sindinaonde. Anthu ake ndi aulemu, kungoti moni wawo ndi wachidule. Munthu amakufunsa kuti uli bwanji ali kale patali, osadikira kuti umuuze za kunyumba.

Mwezi wathawu tinapita ku Blantyre. Inde, kunonso kuli Blantyre, ndipo ndi kumene kunachokera dzina la wathu uja. Ndi katauni kakang'ono kumene anabadwira David Livingstone mu 1813, m'nyumba ya chipinda chimodzi banja lonse, ndipo anayamba kugwira ntchito mufakitale ya thonje ali ndi zaka 10. Ameneyu ndi uja anakwera ndi mtsinje wa Shire n'kudzafika pa nyanja yathu mu 1859. Ndili mwana nditakuwerengerani kuti iye ndiye anatulukira nyanjayi, munandifunsa kuti nanga makolo athu ankamwa chiyani iye asanabwere. Funso limeneli ndinalifotokozera mayi wina wotionetsa malowo, ndipo anaseka n'kunena kuti agogo akowo ndi ofunika adzaphunzitse kuno.

Tsopano za lero. Ndatumiza ndalama pa foni ya amalume. Ndawauza kuti agule mpunga, nkhuku ziwiri, shuga, mafuta ophikira, ndi nsalu yatsopano imene musankhe nokha, osati yokusankhirani. Yotsalayo ndi ya malata awiri a pamwamba pa bedi panu paja pamadontha, akhomedwe mvula isanalimbe. Amalume, malatawo ndidzafuna chithunzi. Ana a azakhali akuti akuphikirani keke, ndipo akufuna muzime kandulo. Musakane, agogo, ngakhale ndikudziwa kuti munena kuti kuzima kandulo masana n'kuononga. Lawani pang'ono chabe chifukwa cha shuga, kenako mubwerere ku thobwa lanu.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi: shuga ameneyu ndi wanu. Ndikukudziwani. Pofika mawa theka lidzakhala litapita kwa anzanu a kutchalitchi, lina kwa mayi achiyao oyandikana nanu aja mumagawana nawo chilichonse, inu n'kumamwa tiyi wopanda kanthu. Agawireni ndithu, ndipo muwapatse moni wanga, koma paketi imodzi ibisidwe kuseri kwa mtsuko. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja muzimwa tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukawawa. Kudooko kuja lekani kupita mbandakucha, bondo lanu lagwira ntchito yokwanira.

Pa foni mwezi watha munandiuza kuti, “Ukachedwa udzapeza mulu wa dothi.” Mawu amenewo sindinawakonde, ndipo sindinagone. Maphunziro anga akutha mu Ogasiti chaka chamawa. Mu Seputembala ndidzatsika basi pa boma, ndidzakwera ya ku Monkey Bay, ndipo ndikufuna ndidzakupezeni mutakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango uja, mukundinena kuti ndayera ngati nsima ya ufa woyera. Chipewa cha pa tsiku lomaliza maphunziro ndidzabwera nacho kuti mudzavale inuyo, tidzajambulitse kudooko komweko, asodzi onse akuona.

Mulungu amene wakusungani zaka 80 akusungenibe, aNaphiri. Akupatseni mphamvu m'miyendo, tulo tabwino, ndi maso oti muzionabe mulu umene waonjezedwa nsomba ziwiri. Zikomo chifukwa cha kachikwama kaja munakaika kuseri kwa mtsuko.

Ndiimba 6 koloko madzulo nthawi ya kwanuko, kuno idzakhala ili 4 koloko. Amalume, foni ikhale ndi moto, ndipo mukaime pachulu paja pamagwira netiweki. Ana onse akhalepo, ndikufuna ndimve nyimbo ndi nthungululu.

Ndine mdzukulu wanu,
Tiyamike