Kalata yofotokoza momwe modelo yaweruzira pempho la ngongole nambala 0417

Dedza, 14 Okutobala 2024

Kwa Bwana Manijala wa nthambi ya ngongole za alimi,

Ndalemba kalatayi poyankha funso lomwe munandifunsa Lachisanu lapitali, lakuti n'chifukwa chiyani modelo ya pakompyuta yaika pempho la mayi olima kachewere ku Bembeke m'gulu la mapempho okayikitsa, pomwe alangizi athu akuwachitira umboni wabwino. Mayiwa akupempha K600,000 yogulira mbewu ndi feteleza, ndipo modelo yati mpata woti alephere kubweza pa nthawi yake ndi 31 pa 100, chonsecho malire omwe bungwe lathu linakhazikitsa ndi 25.

Pofuna kuona chomwe chabweretsa 31 ameneyu ndagwiritsa ntchito njira yotchedwa SHAP, yomwe Scott Lundberg ndi Su-In Lee anaifalitsa mu 2017 potengera masamu omwe Lloyd Shapley analemba mu 1953. Ganizo lake likufanana ndi la anthu omwe agwira ganyu m'munda umodzi ndipo akufuna kugawana malipiro mwachilungamo: aliyense amalandira molingana ndi ntchito yomwe imawonjezereka iye akalowa m'gululo, mutayesa njira zonse zomwe anthuwo akanatsatizana polowa. Kuno ogwira ganyuwo ndi mfundo zomwe tinalemba za wopempha, ndipo chogawanacho ndi kusiyana kwa chigamulo cha mayiwa ndi cha wopempha wamba.

Pa chithunzi chomwe ndaphatikiza ndi kalatayi muyambe ndi nambala yolembedwa kuti `base value`, yomwe ndi 18. Imeneyi ndi avereji ya zomwe modelo imalosera pa alimi onse omwe tawayerekeza nawo. Kuchokera pamenepo, mizere yofiira ikukweza chiopsezo ndipo yabuluu ikuchitsitsa. Kuchedwa kawiri pobweza ngongole yapitayi kwawonjezera 9, kukula kwa ndalama zomwe akupempha poyerekeza ndi zomwe anapeza atagulitsa kachewere chaka chatha kwawonjezera 7, ndipo kusowa dimba lothirira kwawonjezera 3. Zaka 5 zomwe akhala m'kalabu ya alimi zachotsa 4, ndalama zomwe amasunga zachotsa 3, ndipo mfundo zina zonse pamodzi zawonjezera 1. Mukaphatikiza mupeza 31 ndendende, ndipo ubwino wa njirayi ndi womwewo, wakuti palibe gawo la chigamulo lomwe limatsala losadziwika komwe lachokera.

Munadabwanso kuti lipoti la mwezi watha linaika mtunda wopita kumsika pamwamba pa mfundo zonse, koma pano sukuoneka. Chithunzi cha m'lipoti lija, chomwe mutu wake ndi `feature importance`, chimayankha funso lina. Chimatenga kukula kwa gawo la mfundo iliyonse pa alimi onse, posayang'ana ngati ikukweza kapena kutsitsa, n'kupeza avereji yake. Mtunda uli pamwamba chifukwa umasiyanitsa kwambiri mlimi wa m'mbali mwa msewu wa M1 ndi wa kumidzi yakutali yovuta kufikako nthawi yamvula, koma mtunda wa mayiwa ndi wapakatikati, choncho pa iwo mfundoyi siinasunthe chigamulo kwenikweni. Chithunzi chimenecho n'chothandiza poona ngati modelo yonse ikudalira zinthu zomveka, koma sichingakuuzeni kanthu za munthu mmodzi.

Chomwe ndikupempha kuti muchisamale kwambiri, Bwana, ndi ichi: manambalawa akufotokoza zomwe modelo yalemeretsa, osati zomwe zimachititsa munthu kulephera kubweza. Tisawauze mayiwa kuti akapeza dimba chiopsezo chawo chitsika ndi 3, chifukwa SHAP siilonjeza zimenezo. Komanso mfundo zomwe zimayendera limodzi, monga kukhalitsa m'kalabu ndi kusunga ndalama, zimatha kugawana gawo limodzi, kotero ndi bwino kuwerenga 4 ndi 3 uja pamodzi ngati 7. Ndipo ngati zomwe zinalowetsedwa m'kompyuta zili zolakwika, kufotokozako kudzaonekabe kolongosoka ngakhale maziko ake ali abodza.

N'chifukwa chake 9 uja akundidetsa nkhawa. M'kaundula wathu kuchedwa konse kuwiri kwalembedwa m'mwezi wa Febuluwale, nthawi yomwe mabanja ambiri amakhala asanakolole, ndipo modelo yathu imangowerenga kuti munthu anachedwa kangati, siiona kuti anachedwa masiku angati kapena chifukwa chake. Ndikupempha kuti pempholi lisakanidwe kaye, alangizi akaone malisiti a mayiwa sabata ino, ndiponso awafunse ngati angavomere ndalama yocheperako. Zikabwera ndidzalowetsanso zonse mu modelo n'kukubweretserani chithunzi chatsopano komiti ya ngongole isanakumane pa 24 Okutobala.

Ine wanu pantchito,
Wosanthula deta wa nthambi ya Dedza